Momwe mungasanjire mutu wounika zolembedwa kale kuti ukhale ndi mfundo yoima nayo

Ophunzira ena a ku Malawi amene akuchita digiri yachiwiri pa yunivesite ya Wits kapena ya Johannesburg amabwezeredwa mutu wachiwiri wa kafukufuku wawo, wounika zolembedwa kale, pa chifukwa chimodzi: ndime iliyonse imayamba ndi dzina la wolemba ndi chaka, n'kufotokoza zimene iyeyo anapeza, kenako ndime yotsatira n'kutengera wolemba wina. Supavaiza akawerenga amaona kuti mwawerengadi, koma saona pamene inu mwaima. Tiyeni tikonze mutu wotere pogwiritsa ntchito chitsanzo cha wophunzira amene akufufuza za makuponi a fetereza, pulogalamu imene boma la Malawi linayamba m'nyengo ya ulimi ya 2005/06.

Choyamba, lembani funso la kafukufuku wanu m'chiganizo chimodzi pamwamba pa tsamba. La wophunzira wathu ndi ili: kodi makuponi anawonjezeradi fetereza amene alimi ang'onoang'ono amathira m'minda yawo? Pepala lililonse la akatswiri limene munawerenga lidzalowa kapena kutsala kunja malinga ndi funso limeneli.

Chachiwiri, musataye zidule zimene munalemba kale, koma ziphwanyeni. Tsegulani tebulo mu Excel, pepala lililonse likhale ndi mzere wake, ndipo m'mabokosi mulembe zinthu zinayi: chimene olembawo akunena, umboni umene anagwiritsa ntchito, zaka ndi malo a umboniwo, ndiponso chimene sanachifufuze. Bokosi la umboni ndilo limene anthu amalithamangira, chonsecho ndi limene limaulula chifukwa chimene akatswiri amasiyanirana.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pali ntchito, werengani tebulolo motsika m'malo mopingasa, kufunafuna pamene mapepala akugwirizana ndi pamene akutsutsana. Mu 2009 Denning ndi anzake anatsindika za kukwera kwa zokolola za chimanga m'dziko lonse makuponi atayamba. Mu 2011 Dorward ndi Chirwa anavomereza kuti zokolola zinakwera, koma anasonyezanso kuti ndalama zoyendetsera pulogalamuyi zinkakula kwambiri. Chaka chomwecho Ricker-Gilbert, Jayne ndi Chirwa, pogwiritsa ntchito mayankho a mabanja a alimi, anapeza kuti pa makilogalamu 100 alionse a fetereza wa makuponi, alimi ankachepetsa ndi makilogalamu pafupifupi 22 fetereza amene akanagula ndi ndalama zawo. Apa pabadwa mitu ing'onoing'ono itatu: kukwera kwa zokolola, fetereza wa makuponi kulowa m'malo mwa fetereza wogula, ndi mtengo wa pulogalamu. Pepala limodzi likhoza kupezeka m'mitu iwiri kapena yonse itatu, ndipo zimenezo n'zoyenera. Ngati pepala lililonse lagwera m'mutu umodzi wokha, mwangosintha mayina a zidule zija.

Chachinayi, mutu uliwonse upatseni chiganizo chimene munthu angachitsutse. "Makuponi ndi zokolola" ndi dzina chabe, silinena kanthu. Koma mukalemba kuti "ziwerengero za dziko lonse zimasonyeza kukwera kwa zokolola, komabe sizingatiuze kuti ndi mabanja ati anapindula", mwaika mfundo imene ndime yonseyo iyenera kuichirikiza, ndipo olemba aja amalowa ngati mboni, mayina awo n'kubwera pakati kapena kumapeto kwa ziganizo. Pamene awiri akusiyana, nenani chifukwa chake: wina anawerengera dziko lonse, wina anafunsa mabanja, kotero kuti mwina sakutsutsana n'komwe koma akuyankha mafunso osiyana.

Chachisanu, sanjani mituyo kuti uliwonse usiye funso limene wotsatira akuliyankha. Wophunzira wathu ayambe ndi zokolola, apite ku fetereza wogula chifukwa ndi amene akuchititsa kuti tikayikire kukula kwa phindu lija, kenako afike pa mtengo, ndipo amalize ndi chimene sichinayankhidwe, chomwe ndicho kafukufuku wake. Kusanja motsatira zaka n'kothandiza pokhapokha ngati nkhani yanu ili yosonyeza mmene maganizo a akatswiri anasinthira.

Pomaliza, yesani ntchito yanu motere: koperani chiganizo choyamba cha ndime iliyonse pa tsamba lina, n'kuziwerenga motsatizana. Ngati zikumveka ngati munthu amene akufotokoza mlandu wake mpaka kufika pa funso la kafukufuku, mutuwo wakhazikika. Ngati mukusinthanitsa ndime ziwiri popanda chilichonse kusokonekera, ndiye kuti pakati pake palibe chozilumikiza, ndipo mubwerere ku gawo lachisanu. Mapepala amene sanapeze malo m'mutu uliwonse achotseni, ngakhale munavutika kuwawerenga, kapena muwasungire mutu wofotokoza njira za kafukufuku ngati phindu lawo lili pa mmene anasonkhanitsira umboni.