Kukonza mawu olamulira chithunzi pamene makina akutulutsa zonga katuni

Ambiri amene amapanga zithunzi polemba mawu olamulira makina a AI monga Stable Diffusion, Midjourney ndi FLUX amadandaula za vuto limodzi. Iwo amafuna chithunzi chooneka ngati chojambulidwa ndi kamera, koma chimene chimatuluka chimakhala ndi mitundu yokolera mopyola muyezo, khungu losalala ngati pulasitiki, maso onyezimira ndi kuwala kochokera mbali zonse nthawi imodzi. Akaona zimenezi, ambiri amawonjezera mawu ena otamanda chithunzicho poganiza kuti makinawo sanamve bwino. Langizo langa ndi losiyana ndi zimenezo: chotsani mawu ena, ndipo mukatero fotokozani zimene kamera ikanaona, osati kukongola kumene mukulakalaka.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi ndi kuchitsatira mpaka kumapeto. Munthu akufuna chithunzi cha kalipentala wachikulire ali pantchito yake, ndipo akugwiritsa ntchito SDXL, modelo kapena kuti mtundu wa Stable Diffusion, imene inatuluka mu 2023 ndipo imagwira bwino pa zithunzi za mapikiselo 1024 mulitali ndi 1024 mulifupi. Mawu amene walemba mu bokosi la `Prompt` ndi awa:

```
masterpiece, best quality, hyperrealistic portrait of an old carpenter,
vibrant colors, ultra detailed, 8k, HDR, cinematic lighting,
trending on artstation, octane render
```

Pofuna kuti makina amumvere kwambiri, wakwezanso `CFG Scale`, nambala youza makina kuti atsatire mawu mwamphamvu bwanji, kufika pa 12. Zotsatira za mawu otere n'zodziwikiratu: nkhalamba ya ndevu zoyera mbee, nkhope yofiirira ngati lalanje, makwinya ozama kuposa a munthu weniweni, ndi kumbuyo kwake kuwala kwa buluu kosadziwika kumene kukuchokera.

Musanasinthe kalikonse, lembani nambala ya `Seed` ya chithunzi choipacho ndi kuiika m'bokosi lake m'malo mwa `-1`, amene amauza makina kuti asankhe nambala yatsopano nthawi iliyonse. Nambala imeneyi ndiyo imasankha timadontho tosokonekera timene makina amayambirapo kuumba chithunzi, choncho ikakhala yosasintha, mumakhala ndi poyerekezera. Mukapanda kutero, simungadziwe ngati chithunzi chachiwiri chakhala bwino chifukwa cha mawu amene mwasintha kapena chifukwa cha mwayi chabe. Muzisinthanso chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ndi ntchito yochedwetsa, koma ndi njira yokhayo imene ingakuuzeni gwero la vuto.

Choyamba kuchiyesa si mawu ayi, koma `CFG Scale`. Pa sitepe iliyonse youmbira chithunzi, makina amalosera chithunzi kawiri, kamodzi motsatira mawu anu ndi kamodzi popanda mawuwo, kenaka amatenga kusiyana kwa ziwirizo ndi kukuchulukitsa ndi nambala imene mwaika. Nambalayo ikakula kwambiri, chilichonse chimakankhidwa mpaka kumalire: chofiira chimafiira kwambiri, mithunzi imada bii, ndipo malo owala amayera mpaka kutaya tsatanetsatane wake. Vuto lochokera apa mungalizindikire ndi maso. Yang'anani m'mphepete mwa zinthu, monga pamene phewa likulekezera, ndipo mukaona mzere wowala wozungulira chinthucho, kapena masaya ndi mphumi zokhala ndi mabanga a mtundu umodzi wopanda kusintha pang'onopang'ono, dziwani kuti nambalayo yakwera. Pa SDXL, tsitsani kufika pakati pa 5 ndi 7. Pa chitsanzo chathu tiika 6, mawu osawakhudza. Kawirikawiri mitundu imazizirako ndipo mizere yowala ija imachoka, koma kalipentalayo amaonekabe ngati wojambulidwa pa kompyuta. Chotsalacho ndicho cholakwa cha mawu.

Apa m'pofunika kumvetsa mmene makinawa anaphunzirira. Anaonetsedwa zithunzi zambirimbiri za pa intaneti pamodzi ndi mawu amene analembedwa pambali pake, ndipo mawu alionse amakokera chithunzi ku mtundu wa zithunzi zimene mawuwo ankapezeka nazo. Tsono dzifunseni kuti ndani amalemba `hyperrealistic` pansi pa chithunzi chake. Si munthu wa kamera, chifukwa iye safunikira kunena kuti chithunzi chake chikufanana ndi zenizeni. Amalemba choncho ndi munthu amene wajambula ndi pensulo, ndi penti kapena ndi pulogalamu ya kompyuta, ndipo akunyadira kuti ntchito yake yayandikira chithunzi cha kamera. Motero mawu amene mumaganiza kuti akupempha zenizeni akupempha zojambulidwa ndi manja kapena pa kompyuta zimene zimatsanzira zenizeni. Chimodzimodzinso ArtStation ndi malo amene akatswiri a zojambula za masewero a pakompyuta ndi mafilimu amaonetserako ntchito zawo, ndipo Octane ndi pulogalamu yopangira zithunzi za zinthu zoumbidwa pa kompyuta. Mawu akuti `vibrant colors` ndi `HDR` amapempha mwachindunji mitundu yokolera imene mukuidandaulayo, pamene `cinematic lighting` nthawi zambiri amabweretsa kuphatikiza kwa mtundu wa lalanje ndi wa buluu kofala pa zithunzi zotsatsira mafilimu. Akuti `8k` sawonjezera pikiselo ngakhale imodzi, chifukwa kukula kwa chithunzi kumasankhidwa m'mabokosi a `Width` ndi `Height`.

Chotsani onsewo nthawi imodzi ngati kusintha kumodzi, kuti patsale chiganizo chachifupi chonena za munthuyo:

```
photo of an elderly carpenter in his workshop
```

Chithunzi chimene chituluke chikhoza kukukhumudwitsani chifukwa chidzaoneka wamba, koma uwamba umenewo ndiwo maziko abwino. Ngati chikuonekabe ngati katuni ngakhale mawu afupika chonchi, lekani kuvutika ndi mawu ndipo onani modelo imene mwasankha. Mamodelo ambiri amene anthu amagawana anaphunzitsidwanso ndi zithunzi za makatuni a ku Japan kapena ndi zojambula zokongoletsedwa, ndipo palibe mawu amene angachotse chizolowezi chimenecho kotheratu. Onaninso ngati pali LoRA yoyatsidwa, kafayilo kowonjezera kamene kamasintha kajambulidwe ka modelo, ndipo muizimitse kapena mutsitse mphamvu yake musanapitirire.

Tsopano mukhoza kumanganso, ndipo chinthu choyenera kuthera nthawi yambiri ndi kuwala. Chithunzi chenicheni chimakhala ndi gwero la kuwala lodziwika, ndipo mithunzi yonse imagwera mbali imodzi mogwirizana ndi gwerolo. Mukapanda kulitchula, makina amasankha okha, ndipo amakonda kuwalitsa chinthu kuchokera kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, zimene zimachititsa kuti munthu aoneke ngati chidole. Nenani kumene kuwala kukuchokera ndi mmene kulili. Kuwala kwa tsiku la mitambo kolowera pazenera la m'mbali n'kothandiza kwambiri pa ntchito imeneyi, chifukwa kumapereka mithunzi yofewa ndi mitundu yodekha popanda inu kupempha. Ine ndimalangiza kupewa kaye `golden hour` ndi `sunset`, si chifukwa choti ndi zabodza, koma chifukwa zimabwezeretsa kufiirira kumene mwangokuchotsa kumene.

Pa mitundu, njira yabwino ndiyo kuimangirira ku zinthu. M'malo mongolamula kuti chithunzi chonse chikhale chosawala, nenani kuti malaya ndi otuwa ndipo anasuluka, kuti pa mikono pali utuchi, kuti khoma ndi la simenti yosapaka penti. Zinthu zotere zimabwera ndi mitundu yake yachibadwa, ndipo zimapatsanso makina tsatanetsatane weniweni woti agwirepo ntchito m'malo mwa makwinya okokomeza. Mupatseninso munthuyo chochita, chifukwa munthu amene akupala thabwa amaweramira ntchito yake, pamene munthu wa `portrait` amayang'ana kamera ali chiimire. Mawu omaliza akhoza kukhala otere:

```
photo of an elderly carpenter planing a plank in a small workshop,
overcast daylight from a side window, faded grey work shirt,
sawdust on his forearms, bare concrete wall,
50mm lens, f/4, muted colors, slight film grain
```

Za lenzi zikufunika chenjezo. Makina alibe galasi lililonse ndipo sawerengera mmene kuwala kumadutsira mu lenzi. Mawu akuti `50mm`, onena za mtundu wa lenzi, ndi `f/4`, onena za kukula kwa kabowo kolowera kuwala, amathandiza chifukwa amapezeka pambali pa zithunzi za kamera. Ngakhale zili choncho, kusankha kwake kuli ndi zotsatira: `f/1.4` imakonda kufafaniza kumbuyo konse, ndipo munthu amaoneka ngati wamatidwa pa chithunzi china. Ena amatchula dzina la filimu ya kamera, ndipo apa muyenera kudziwa chimene mukutchula. Kodak Portra 400 imadziwika ndi mitundu yofewa ya khungu, koma Fujifilm Velvia imadziwika ndi mitundu yokolera kwambiri, choncho kuilemba n'kuitana vuto lomwe lija ndi dzina lina.

Bokosi la `Negative prompt`, lolembamo zimene simukufuna kuti zioneke pa chithunzi, likhale ndi mawu ochepa okhudza vuto lenilenilo:

```
illustration, cartoon, 3d render, oversaturated, airbrushed skin
```

Mndandanda wautali wokopera kwa ena umatha kuchotsa zinthu zimene mukuzifuna popanda inu kudziwa. Dziwaninso kuti bokosili limagwira ntchito kudzera mu `CFG Scale`, kotero kuti nambalayo ikakhala 1 mawu ake sachita kanthu. Zimenezi zimakhudza mamodelo othamanga a mtundu wa Turbo, Lightning ndi LCM, amene amafuna nambala yotsika, pafupifupi 1 mpaka 2, ndipo amapsereza mitundu ngakhale pa 6.

Amene mukugwiritsa ntchito makina ena, ganizo ndi lomweli koma zogwirira zake n'zosiyana. Mu Midjourney, `--stylize` imachokera pa 0 kufika pa 1000 ndipo imakhala pa 100 mukapanda kuikhudza; kuitsitsa, pamodzi ndi kuwonjezera `--style raw`, kumachepetsa kukongoletsa kumene pulogalamuyo imaika yokha. Mu FLUX.1 dev, ya kampani ya Black Forest Labs ya mu 2024, `guidance`, imene imagwira ntchito yofananako ndi ya `CFG Scale`, imayambira pa 3.5 kawirikawiri, ndipo kuitsitsa kufika cha m'ma 2.5 kumachepetsa kusalala kwa khungu. Modelo imeneyi imamva bwino ziganizo zathunthu kusiyana ndi mawu odukaduka.

N'zothekanso kupyola malire mbali inayo. Mukaunjika `muted`, `desaturated`, `faded` ndi `vintage` pamodzi, chithunzi chimatuwa kapena kufiirira ngati cha m'buku la zithunzi zakale, ndipo khungu limaoneka la munthu wodwala. Mawu amodzi mwa amenewa ndi okwanira. Pa SDXL wamba, `CFG Scale` ikatsika pansi pa 3, makina amayamba kunyalanyaza mawu anu, zipangizo za m'manja zimasungunukira mu thabwa ndipo chithunzi chimachita chifunga. Mukaona zimenezi kwezani ndi 1 n'kuyesanso.

Chithunzi chikakukhutiritsani, bwezerani `Seed` pa `-1` ndi kutulutsa zithunzi zinayi kapena zisanu ndi chimodzi ndi mawu omwewo, chifukwa mawu amene agwira ntchito pa nambala imodzi yokha sanakonzedwebe. Pa chilichonse, kulitsani nkhope ndi kuona ngati khungu lili ndi timabowo ndi kusiyana kwa mtundu pakati pa tsaya ndi mphumi, onani ngati mithunzi ya munthu ndi ya tebulo ikugwera mbali imodzi, ndipo tsegulani `Histogram`, tchati choonetsa kuchuluka kwa kuwala ndi mitundu, mu pulogalamu yokonzera zithunzi monga GIMP kuti muone ngati mzere wa mtundu wofiira waunjikana kumapeto a kumanja. Ngati zithunzi zambiri zapambana mayeso amenewa koma chimodzi chakolerabe pang'ono, musasinthenso mawu. Tsitsani `Saturation`, kapena kuti kukolera kwa mitundu, ya chithunzi chimenecho pang'ono mu pulogalamu yomweyo.