Mmene ndinakonzera lipoti la ngozi lomwe linkaloza chala

Lipoti langa la wodwala amene anagwa mu wodi usiku linabwezedwa. Ndinalemba kuti: "Wodwala anagwa pabedi chifukwa namwino wa usiku ananyalanyaza kukweza zotchinga." Mkulu wa anamwino anangondifunsa kuti, "Kodi inu munaona akugwa?" Sindinaone.

Poyamba ndinafufuta mawu onse okhudza namwino, lipoti n'kutsala lopanda mutu. Kenako ndinaikamo "zikuoneka kuti", koma kumeneko kunali kuloza chala komweko monong'ona.

Chimene chinathandiza n'kutenga cholembera chofiira n'kufunsa chiganizo chilichonse kuti: ichi ndinachiona, ndinachiyeza, kapena ndinachita kuuzidwa? Cholephera mafunso atatuwa chinachoka. "Anagwa" anasanduka "ndinamupeza". "Chifukwa" ndinamuchotseratu, pakuti kupeza gwero ndi ntchito ya ofufuza. "Ananyalanyaza" ndiye anandivuta kusiya, poti mumtima ndinkakhulupirira zomwezo, komatu mawuwa amanena za maganizo a munthu, omwe palibe anawaona.

Linatuluka chonchi: "Nthawi ya 02:15 ndinapeza wodwala atakhala pansi kumanzere kwa bedi. Chotchinga cha kumanzere chinali chotsitsa. Wodwala anati, 'Ndimafuna kupita kuchimbudzi.' Anali ndi bala la masentimita 2 pachipumi, ndipo ankayankha bwino mafunso. Dokotala anadziwitsidwa 02:20, anafika 02:35."

Onani kuti chotchinga chotsitsa chija chidakalimo, sindinabise kanthu. Zoti wodwala anaonedwa komaliza 01:30 ndinazilemba pamodzi ndi kumene ndinazitenga, m'kaundula wa wodi. Zonse zinanditengera mphindi 20.