Windo likamagwedera, musathamangire kugula handulo

Nyengo ya mwera ikafika, kapena mphepo zija zimatsogolera mvula yoyamba mu Novembala, madandaulo amene ndimamva m'nyumba zambiri ndi amodzimodzi: windo likugogoda usiku wonse, galasi lasweka kachiwiri, fumbi likulowa ngakhale tatseka. Eni nyumba ambiri amamanga waya kapena mphira wa chubu cha njinga kuchokera pa handulo kukafika pa mabagalaba, ena amafinyikiza katoni pampata. Amene ali ndi kandalama amapita ku hadiweya kukagula handulo yatsopano, n'kupeza kuti phokoso likadalipo. Chimene chimasowa ndi kuyamba mwapeza pamene pakugwedera, chifukwa windo lachitsulo lotsegukira kunja limagwedera pa malo atatu osiyana, ndipo malo alionse ali ndi mankhwala ake.

Tiyambe tasiyanitsa zitsulo ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Handulo ntchito yake ndi kukoka windo kuti likanikizike pa felemu likatsekedwa. Ili ndi kamlomo kamene kamakwera pa kachitsulo kotsetsereka ka pa felemu, ndipo mukamaitsitsa ndi pamene windo limafinyika. Sitei ntchito yake ndi kugwira windo likakhala lotsegula kuti mphepo isalikankhe. Pali sitei ya mabowo imene imakolekedwa pa kachikhomo, ndipo pali ina yotsetsereka imene mumamanga ndi kasikuluwu kopotokola ndi zala. Windo limene likumenyetseka lili lotsegula, vuto ndi sitei. Limene likugogoda lili lotseka, sitei ilibe mlandu. Muyang'ane handulo, mahinjesi kapena galasi.

Kuyeza kwake sikufuna chida. Tsekani windo, muike chikhatho pakati pa galasi n'kukankha pang'ono. Galasi likasuntha lokha chitsulo chili chilili, ndiye kuti puti, phala lija amamatira galasi, wauma n'kusweka, ndipo handulo ngakhale ya mtengo wotani siithetsa phokosolo. Kenaka tsegulani windo pang'ono, muligwire kumunsi mbali ya handulo n'kuyesa kulinyamula. Likakwera n'kutsika mukumva kuti gwede, mahinjesi adyeka. Zikakhala kuti ziwirizi zili bwino, ng'ambani pepala la m'kope, mulipanikize pakati pa windo ndi felemu, mutseke handulo n'kulikoka. Muchite zimenezi pamwamba, pakati ndi pansi. Pepala liyenera kukana kutuluka malo onse atatu.

Pepala limeneli limanena zambiri. Likasololoka mosavuta malo onse atatu, handulo sikukoka mokwanira: mwina kamlomo kadyeka, mwina kachitsulo ka pa felemu kanagwa kalekale, mwina handulo yakhwepa pamene imazungulira. Likagwira pansi koma pamwamba n'kusololoka, windo lapindika, ndipo kawirikawiri zimenezi zimabwera chifukwa chokankha ndi mphamvu windo limene lakakamira ngodya imodzi. Mukayesanso mbali ya mahinjesi n'kupeza kuti likugwira kumeneko kokha, mbali ya handulo n'kutsala mpata waukulu, pali chinthu chimene chikutchinga m'ngalande ya felemu.

Chotchinga chimenechi ndimachipeza kawirikawiri kuposa vuto lina lililonse, ndipo kuchichotsa sikudya ndalama. Amisiri akamapaka pulasitala, simenti imagwera m'ngalande ya pansi n'kuuma. Pambuyo pake pamabwera penti, chaka ndi chaka, wina pamwamba pa mnzake. Dzimbiri nalo likadya chitsulo limafufuma. Palani zonsezi ndi sikuludiraiva yakale ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chioneke, mupake penti woletsa dzimbiri mopyapyala, ndipo windo musalitseke mpaka penti ataumitsitsa.

Ndikuuzeni za windo lina limene tinakonza pa nyumba ya aphunzitsi pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja. Linali lotsegukira chammbali, masentimita 50 m'lifupi ndi mita imodzi ndi masentimita 20 kutalika. Galasi la pakati linali litasweka kawiri m'nyengo imodzi ya mwera, ndipo aphunzitsiwo anali atagula kale handulo yatsopano.

"Alangizi, handuloyi ndi yatsopano, koma m'mawa ndimaipeza yatseguka yokha," anandiuza. "Mwina ana ndi amene akuseweretsa."

Sanali ana. Mahandulo alipo a kumanja ndi a kumanzere, ndipo iwo anagula ya mbali ina. Kuti kamlomo kaloze ku felemu, amene anamanga anaitembenuza, moti inkatseka poikweza m'mwamba. Windo likagwedezeka pang'ono, kulemera kwa handulo kunkaitsitsa, windo n'kumasuka. Handulo yoyenera imatseka poitsitsa, kotero kuti kulemera kwake komwe kumathandiza kuti isamasuke. N'chifukwa chake popita ku hadiweya muzitenga yakale ija m'thumba, pamodzi ndi masikuluwu ake, chifukwa mipata ya mabowo ndi mazinga a sikuluwu zimasiyana. Ngati yakale inatayika, imani m'kati mwa nyumba, muone mbali imene kuli mahinjesi, mujambule pa foni n'kukaonetsa wogulitsa.

Titabweza handulo ija n'kutenga ya mbali yoyenera, pepala linagwira pakati koma windo linkakhula felemu pa ngodya ya pansi. Tinayeza ndi tepi kuchokera ngodya ya pamwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, kenaka mbali inayo. Miyezo iwiriyi imayenera kufanana. Apa inasiyana ndi mamilimita 7. Windo linali litagwa mphuno, chifukwa pamene analumikiza ngodya ya pamwamba panali patang'ambika, ndiponso chikhomo cha hinjesi ya pamwamba chinali chitadyeka. Apa ndi pamene tinaitana wowotcherera. Tinayamba tachotsa magalasi onse, popeza moto wa kuwotcherera umaswa galasi ndipo tizidutswa ta chitsulo tothetheka timasiya zipsera zosachoka. Mmisiri anakankha windo ndi thabwa kuchokera pansi mpaka miyezo ija itafanana, anawotcherera ngodya, anasintha hinjesi, kenaka tinabwezera magalasi ndi puti watsopano.

Koma chimene chinkaswa galasi chinali china. Sitei inali itathyoka chaka chapitacho, ndipo masana windo linkakhala lotsegula popanda choligwira. Anthu amaiderera mphepo pa windo laling'ono chotere. Mphepo yothamanga makilomita 70 pa ola ikamenya windo la kukula kumeneku litatsegulidwa lonse, imalikankha ndi mphamvu yofanana ndi katundu wa makilogalamu pafupifupi 15. Mphamvu imeneyo ikalimenyetsa pa felemu, galasi la mamilimita 3 silipirira. Ndipo sitei ikakhalapo, imasenza zoposa pamenepo, chifukwa imagwira windo chakufupi ndi mahinjesi. Yesani kuletsa chitseko kutsekeka mutachigwira pafupi ndi mahinjesi wina akukankha ku loko, mumva mmene dzanja limalemedwera. Ichi ndi chifukwa chake masitei otchipa amathyokera pakhosi, ndipo n'chifukwa chake tsiku la mphepo windo lizikhala pa bowo loyamba kapena lachiwiri, osati lomaliza.

Pomanga sitei ya mabowo, anthu ambiri amalakwitsa ndondomeko. Amayamba kumanga kachikhomo pa felemu, kenaka n'kupeza kuti windo likatsekedwa sitei sikugona pamalo pake. Yambani ndi kumanga sitei pa windo. Tsekani windo ndi handulo, goneketsani sitei motsatira felemu, ndipo pamenepo ndi pamene mulembe malo a kachikhomo kupyolera m'bowo. Musanaboole, gwirani kachikhomoko ndi zala pamalo mwalembapo, mutsegule windo n'kuyesa mabowo onse kuti muone ngati akufika komanso ngati sitei sikugunda mabagalaba. Masitei amapezeka a mamilimita 200, 250 ndi 300. Pa windo la aphunzitsi lija tinaika ya 300. Yaifupi ikanalitsegula pang'ono chabe, m'nyumba n'kumatentha, ndipo mapeto ake anthu amaichotsa pa chikhomo kuti mphepo ilowe, vuto n'kubwerera. Pa timawindo ta pamwamba totsegukira m'mwamba, monga ta ku bafa, ya 200 imakwana, ndipo pamenepo sitei yomweyo ndi imene imatseka windo, choncho kachikhomo kayikidwe moti sitei izilowa mothina pang'ono.

Sitei yotsetsereka ndimaikonda pa malo a mphepo yambiri, chifukwa mphepo siingaitukule monga imachitira ndi ya mabowo imene bowo lake lakula. Chofooka chake ndi kasikuluwu kaja. Anthu amakamanga ndi pulayala mpaka mazinga kutha, kapena amakankha windo asanakamasule. Zala zokha zimakwana, ndi kadontho ka oyilo kawiri pa chaka.

Za mtundu wa chitsulo, musanyengeke ndi maonekedwe achikasu. Zambiri zotchipa ndi chitsulo chotuwa chosungunula chimene angochipaka chikasu pamwamba, ndipo sichipindika, chimangoduka kuti phwa. Maginito sangakuthandizeni chifukwa bulasi weniweni ndi chonamiziracho zonse sizigwira maginito. Kandani kumbuyo ndi tupa kapena msomali: bulasi ndi wachikasu mpaka m'kati, chinacho chimaonetsa kutuwa, ndiponso chimapepukirapo m'manja. Ngati bulasi wakwera mtengo, sitei yachitsulo wamba yopangidwa ndi mmisiri wodziwa ntchito imalimba kuposa zonyezimirazo, bola muziipaka penti. Chimene sindivomereza ndi kuwotcherera handulo pa windo mpaka kalekale. Tsiku limene idzadyeke mudzafunika galayinda ndi kuchotsanso galasi, pamene ya masikuluwu mukanasintha nokha.

Handulo ikangokhwepa pang'ono koma ili yamphumphu, musaitaye. Ngati imazungulira pa bawuti, mangani nati kapena onjezerani washala. Ngati kachitsulo ka pa felemu kadyeka, sinthani kokhako, kapena ikani kachidutswa ka lata kunsi kwake kuti kakwere ndi milimita imodzi, muyesenso ndi pepala. Musapitirize kuwonjezera mpaka handulo izifuna manja awiri, chifukwa mukatero mukupinda windo ndipo kamlomo kathyoka.

Amene muli ndi mawindo a matabwa, zoyeza zija ndi zomwezo, kungoti vuto lanu kawirikawiri ndi masikuluwu amene akungozungulira m'bowo lokula. Thirani guluu wa matabwa m'bowomo, khomeranimo tizipatsa ta mtengo wouma, mudikire usiku umodzi, kenaka mubwezere sikuluwu yotalikirapo. Windo likakakamira m'dzinja musafulumire kulipala kwambiri, thabwa langofufuma ndi chinyezi. Mukalipala mu Januwale mpaka lizitseka mofewa, pofika Okutobala lidzakhala ndi mpata wolowa chala, ndipo mudzayambanso kufunafuna katoni.