Musanasaine ngongole ya golosale, werengani zimene shopu imatsala nazo

Mwezi wathawu ndinakhala pa benchi ya golosale ina ku Chibavi, mu mzinda wa Mzuzu, mayi ndi bambo a pakhomopo atandiitana kuti ndiwathandize maganizo. Bungwe lina lobwereketsa ndalama linawalonjeza K500,000 yobweza pa miyezi 6, chiwongoladzanja 5 peresenti pa mwezi. Bambo ankafuna firiji ya zakumwa ndi katundu wodzaza mashelefu. Mayi, amene amakhala mu shopumo tsiku lonse, mtima sunali m'malo.

Ndinawapempha kope lolembamo malonda. Linali kope la sukulu lothimbirira ndi mafuta ophikira, koma linatiuza zoona. Pa tsiku amagulitsa katundu wa K60,000, ndipo pa K100 iliyonse phindu ndi K12. Ndiye kuti phindu la tsiku ndi K7,200, pa mwezi K216,000. Ambiri amaimira pomwepa n'kumati shopu ikuyenda bwino. Koma mayi amatapa K5,000 tsiku lililonse ya ndiwo, makala ndi kuchigayo, yomwe pa mwezi ndi K150,000, ndipo lendi ya shopu ndi K30,000. Yotsala yeniyeni ndi K36,000 basi. Ngongole imabwezedwa ndi ndalama imeneyi, osati yonse imene mumaiona m'kabati madzulo.

Kenaka tinaona ngongoleyo. Funsani nthawi zonse ngati chiwongoladzanja akuwerengera pa ndalama yonse imene munatenga kapena pa yotsala mukamabweza. Apa ankawerengera pa yonse: K25,000 mwezi uliwonse, ngakhale mutabweza kale theka. Pamodzi ndi K650,000, kutanthauza pafupifupi K108,000 pa mwezi. Komanso ankadula K15,000 ya mapepala, moti m'manja mukanalowa K485,000.

Shopu ikutsala ndi K36,000, ngongole ikufuna K108,000. K72,000 yoperewerayo iyenera kuchokera pa phindu la katundu watsopano, ndipo kuti ipezeke malonda ayenera kukwera ndi K600,000 pa mwezi, kapena kuti K20,000 pa tsiku. Akapanda kukwera choncho, mudzayamba kubweza ndi ndalama yokaodera katundu. Izi zimandimvetsa chisoni chifukwa sizionekera msanga. Simuphonya tsiku lobweza, wobwereketsa akukuyamikirani, koma ulendo uliwonse wokaoda m'tauni mukubwerako ndi makatoni ochepa. Mukaona kuti mwayamba kuoda theka la belo la shuga pamene kale munkaoda lathunthu, dziwani kuti ngongole yayamba kudya mpamba.

Bambo anati, "Koma alangizi, katundu akachuluka anthu amabwera okha." Ndinawayankha kuti tisakangane, tiyese. Kwa masabata awiri mayi ankalemba kumapeto kwa kope chilichonse chimene kasitomala wafunsa n'kubwerera osachipeza, pamodzi ndi mtengo wake. Zimene zinatuluka ndi mafuta ophikira oyeza, shuga, mazira ndi sopo wochapira, zokwana pafupifupi K9,000 pa tsiku. Sizinafike ndi theka lomwe la K20,000 ija. Ofunsa zakumwa zozizira anali owerengeka, ndipo wokhala ku Mzuzu aliyense akudziwa mmene Juni ndi Julaye amazizirira kuno. Firiji ikanangodya magetsi pamene tsiku lobweza likufika mwezi ndi mwezi.

Mfundo ina ya bambo inali yomveka ndithu. Anakumbutsa kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi katundu wambiri anapindula. N'zoona, koma kusunga katundu wa ngongole kuli ndi mtengo wake: 5 peresenti mwezi uliwonse umene akukhala pa shelefu. Ndiponso chinyezi cha kuno sichichedwa kuumbitsa shuga ndi mchere.

M'kope lomwelo tinapezanso K85,000 imene anthu oyandikana nawo anatenga pa ngongole. Mayi anayenda khomo ndi khomo n'kutolera K50,000, ndalama yopanda chiwongoladzanja.

Pamapeto pake anatenga K150,000 yokha pa malamulo omwewo. Chiwongoladzanja ndi K7,500 pa mwezi, zonse pamodzi K195,000, kubweza K32,500 pa mwezi. Ndalamayi ikukwanira mu K36,000 imene shopu imatsala nayo kale, ngakhale malonda atapanda kusintha. Akamagulitsadi K9,000 ija tsiku lililonse, phindu lowonjezera ndi K32,400 pa mwezi, ndipo limeneli likubwerera mu katundu.

Pa chikole ndinawaumiriza chinthu chimodzi. Wobwereketsa anatchula mapepala a poloti yawo, ine ndinati ayi, poloti siyofanana ndi K150,000. Analembetsa makina osokera a mayi ndi njinga ya bambo, ndipo pepala la pangano analiwerenga onse awiri, mzere ndi mzere, asanasaine.