Nyemba zikumachita chikasu, vuto linali asidi wa m'nthaka

Kwa zaka ziwiri nyemba zanga zinkapinimbira, masamba achikasu, mizu yaifupi yonenepa kunsonga. Koma chinangwa cha m'munda womwewo chinkakondwa. Ndinawonjezera feteleza, osathandiza. Ndinasintha mbewu, chimodzimodzi.

Kenaka ndinayezetsa dothi. Asidi amayezedwa ndi pH: 7 ndiye pakati, ndipo nambala ikamatsika asidi akuchuluka. Langa linali pa 4.8. Pansi pa 5.5, aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kuwononga nsonga za mizu, ndipo fosifolasi amamangika, mbewu osamupeza. Tizilombo tam'mizu ya nyemba topanga nayitirojeni natonso timafooka. Chinangwa chimapirira zimenezi, nyemba ayi. Chondiwawa n'choti feteleza wa amoniyamu amene ndinkathira ankangowonjezera asidiyo.

Kuti ndichepetse asidiyo, ndinagula laimu waulimi, makilogalamu 20 pa malo a mamita 10 mulitali ndi mulifupi. Chachikulu n'chakuti laimu salowa pansi yekha msanga. Ndinamumwaza n'kumusakaniza ndi khasu mpaka masentimita 15, kutatsala miyezi itatu kubzala, dothi lili lachinyontho. Osathira mongoyerekeza, chifukwa akachuluka mbewu zimasowa zinki ndi ayironi. Nditayezanso pH inali 5.8, ndipo mizu ya nyemba inadzaza timaunduundu tofiirira mkati, kusonyeza kuti tizilombo topanga nayitirojeni tija tayambanso kugwira ntchito.