Nyenyezi za pa sitepe 4 sizinali vuto

Seva ina inkachedwa kuyankha, ndipo `traceroute`, yomwe imalemba rauta iliyonse imene mapaketi adutsa ngati sitepe, inaonetsa `* * *` pa sitepe 4, komanso 180 ms pa sitepe 6. Ndinayamba ndakayikira ziwirizi, koma sitepe 7 inabwerera pa 22 ms. Rauta zambiri zimachedwa kapena kukana kuyankha ndi mauthenga a `ICMP Time Exceeded`, pomwe mapaketi odutsa zikuwapititsa bwinobwino. Kuchedwa kwenikweni kumayambira pa sitepe ina n'kupitirira mpaka kumapeto.

Popeza `traceroute` imatumiza mapaketi 3 okha pa sitepe iliyonse, ndinayesa mapaketi 100:

```
mtr -rwc 100 203.0.113.10
```

Apa zinaoneka. Gawo la `Loss%`, loonetsa mapaketi otayika, linali 0 mpaka sitepe 8, kupatula sitepe 4 yosayankha ija, kenako 12% pa sitepe 9, ndipo masitepe onse otsatira, seva yomwe, ankatayanso pafupifupi chimodzimodzi. Dzina la sitepe 9 linali la kampani yotipatsa intaneti, pomwe imalumikizana ndi netiweki ina.

Ndinawatumizira zotsatirazo, pamodzi ndi zoyesa kuchokera ku seva kubwerera kwathu, chifukwa njira yobwerera imatha kusiyana. Anapeza kuti mzerewo unkadzaza madzulo, nasamutsira mapaketi athu kwina.