Manambala angati pambuyo pa kadontho? Momwe mungalembere malo a GPS osanamiza anthu

Mafomu ambiri masiku ano, kaya a mjigo, sukulu, chigayo kapena munda wa kalabu ya alimi, ali ndi mpata wolembapo latichudi ndi longichudi. Wina amalembapo -14.38, 34.33, wina n'kulemba -14.38172640518. Anthu amakhulupirira wachiwiriyu chifukwa nambala yake ndi yaitali, koma kutalika kwa nambala kumangonena kukula kwa kabokosi komwe mwaikamo malowo. Sikunena kuti kabokosiko kali pamalo oyenera. Pa ntchito zambiri za kuno, manambala anayi kapena asanu pambuyo pa kadontho ndi okwanira.

Choyamba: dziwani kuti nambala iliyonse ndi mtunda wotani

Digiri imodzi ya latichudi, kuyenda cha kumpoto kapena kummwera, ndi makilomita pafupifupi 111. Nambala iliyonse yomwe mwaonjezera pambuyo pa kadontho imagawa mtundawu pakhumi. Nambala imodzi ndi makilomita 11, awiri ndi kilomita imodzi ndi mamita 100, atatu ndi mamita 111, anayi ndi mamita 11, asanu ndi mita imodzi ndi pang'ono. Nambala ya 6 ndi masentimita 11, ya 7 ndi sentimita imodzi, ngati chikhadabo.

Longichudi, kuyenda cha kummawa kapena kumadzulo, imasiyanako chifukwa mizere yake imayandikana mukamatalikira pakati pa dziko. Ku Dedza ndi ku Ntcheu tili pakati pa madigiri 14 ndi 15 kummwera, ndiye digiri ya longichudi ili pafupi ndi makilomita 108. Kusiyanaku n'kochepa moti simufunika kukuwerengera. Gwiritsani ntchito 111 mbali zonse ziwiri, simusochera.

Chachiwiri: sankhani molingana ndi chomwe mukuloza

Dedza boma ili cha pa -14.38, 34.33 ndipo Ntcheu boma ili cha pa -14.82, 34.64. Manambala awiri pambuyo pa kadontho akukwanira kunena tauni, chifukwa tauniyo payokha ndi yotambalala kuposa kilomita. Kulemba tauni yonse ndi manambala 6 n'kuseketsa anthu: masentimita 11 amenewo ali pa depoti, pamsika kapena pachipatala?

Manambala atatu amakufikitsani pa mudzi kapena pa sukulu, kabokosi kake n'kotalika ngati bwalo la mpira. Mukazungulitsa bwino nambala, kutanthauza kuikweza kapena kuitsitsa kufika pa yoyandikira, cholakwa chake sichipitirira theka la kabokosiko, mamita 55. Zikumveka zochepa mpaka mutafika pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 ukuyenda m'malire a Malawi ndi Mozambique. Pamenepo mamita 55 akhoza kuoloketsa golosale yanu n'kuiika dziko lina pa mapu.

Manambala anayi ndiwo a msewu ndi nyumba. Munthu wa njinga yamoto amafika pakhomo, kapena pa nyumba yoyandikana nayo, n'kufunsa. Manambala asanu ndi a chinthu chimodzi chomwe mungachikhudze ndi dzanja: mjigo, mtengo wa magetsi, geti, kalavati. Apa ndi pomwe foni imathera, ndipo kunena zoona imathera pakati pa nambala yachinayi ndi yachisanu.

Chachitatu: yezani, ndipo onani nambala yomwe ikuvina

Foni yabwino, ili pabwalo poyera, imaphonya ndi mamita pafupifupi asanu. Pansi pa mitengo ya paini ya m'phiri la Dedza, pakhonde la malata kapena m'mphepete mwa chithanthwe, imaphonya ndi mamita 10, 20 kapena kuposa, chifukwa uthenga wa masetilaiti umatchingika kapena kunjanja pa malata usanafike pa foni. Mitambo ndi chifunga cha mu Juni sizisokoneza kwenikweni. GPS payokha sidya bandulo, chomwe chimadya ndi chithunzi cha mapu, ndiye musawononge ndalama poganiza kuti bandulo yaikulu ibweretsa nambala yabwino.

Imani pa chinthucho, foni ili m'manja osati m'thumba, mudikire mphindi imodzi kapena ziwiri. Nambala yoyamba kutuluka nthawi zambiri imachokera ku nsanja ya netiweki, ndipo ikhoza kukuikani kutali ndi mamita mazana. Pa Google Maps muona bwalo lotuwira kuzungulira kadontho ka buluu, dikirani lichepe. Pa ODK Collect kapena KoboCollect, mapulogalamu odzazira mafomu pa foni, pamaoneka mawu oti Accuracy ndi nambala ya mamita, ndipo nambala imeneyo ndi yofunika kuposa manambala onse a kumapeto kwa latichudi.

Tiyerekeze mjigo wina kufupi ndi Dedza boma. Mwayeza kasanu, mukumadikira mphindi imodzi pakati, ndipo latichudi yatuluka motere:

```
-14.381724
-14.381771
-14.381683
-14.381752
-14.381701
```

Manambala atatu oyamba, 381, sakusuntha. Yachinayi ili pa 7, kamodzi yatsikira pa 6. Yachisanu ikuvina momwe ikufunira, ya 6 ndiye phokoso chabe. Kuchoka pa nambala yaing'ono kufika pa yaikulu pali pafupifupi 0.00009, omwe ndi mamita 10, pomwe mjigo sunasunthe ndipo inu simunasunthe. Phatikizani zisanuzi, mugawe ndi 5, mupeza -14.381726. Lembani -14.38173, ndipo pambali pake mulembe kuti ikhoza kuphonya ndi mamita asanu. Longichudi muichite chimodzimodzi.

Pa kompyuta, mukadina kumanja pa Google Maps n'kukopera malo, mumalandira manambala oposa 10 pambuyo pa kadontho. Amenewa akungonena pomwe panagwera muvi wa mausi pa chithunzi, ndipo chithunzi cha setilaiticho chikhoza kukhala chosuntha ndi mamita angapo. Dulani pa asanu.

Chachinayi: apa ndi pomwe ntchito imawonongekera

Manambala abodza ambiri sachokera pa foni, amachokera pa kusintha kalembedwe. Mabuku akale a ofesi ndi mapu amalemba madigiri ndi maminiti, monga 14°23' kummwera ndi 34°20' kummawa. Digiri imodzi ili ndi maminiti 60, ndiye posintha mumagawa 23 ndi 60, ndi 20 ndi 60. Kakyuleta ikupatsani -14.383333 ndi 34.333333. Woona amati awa anayeza mpaka masentimita. Koma miniti imodzi ndi mtunda wa makilomita 1.85, kutanthauza kuti malo enieni akhoza kukhala mamita 900 mbali iliyonse. Manambala 6 amenewo abadwira mu kakyuleta, palibe anawayeza. Muwazindikira ndi mchira wake: 3333, 6667, kapena maziro ondondozana monga 34.250000. Mukaona mchira wotere, ingokhulupirirani manambala awiri oyamba, ndipo muwalembe awiri omwewo.

Ngati panalembedwa ndi masekondi omwe, monga 14°22'54", sekondi imodzi ndi mamita pafupifupi 31. Mukasintha musapitirire manambala anayi.

Pali cholakwa china choopsa kuposa ichi. Makina ena a GPS a m'manja amaonetsa 14°23.500', ndipo wolemba fomu amangochotsa kachizindikiro ka digiri n'kulemba 14.23500. Yankho loona ndi 14.39167. Kusiyana kwake ndi 0.157 ya digiri, makilomita 17, ndipo mjigo wapita kwa mfumu ina. Poyang'ana mndandanda wautali, onani manambala awiri oyamba pambuyo pa kadontho. Ngati mizere yonse, mazana angapo ochokera m'madera otalikirana, palibe wopitirira 59, ndiye kuti wina analemba maminiti ngati madesimo.

Kenako pali Excel. Munthu amaona mzere wa manambala aatali, n'kudina Decrease Decimal kuti pepala lioneke bwino, mpaka patsala awiri. Mu Excel momwemo palibe chatayika, manambala angobisika. Koma akasunga fayiloyo ngati CSV, imasunga zomwe zikuoneka pa sikirini zokha, ndipo otsalawo apita osabwerera. Wolandira fayilo akaona fomu ikufuna manambala 6, amaonjezera maziro, -14.38 n'kukhala -14.380000, cholakwa cha theka la kilomita chitavala suti. Chizindikiro chake pa mapu n'choonekeratu: mijigo yonse imandandalikana m'mizere yowongoka, motalikirana kilomita imodzi, ngati mapando a chimanga, ndipo ina iwiri kapena itatu imagwera pa kadontho kamodzi. Mijigo ya m'midzi sikumbidwa pamzere chotero.

Kuti mupewe zimenezi, sungani fayilo yoyamba osaikhudza. Mu fayilo ina, ikani danga latsopano ndi fomula iyi, pomwe B2 ndi kabokosi ka nambala yomwe mukuzungulitsa:

```
=ROUND(B2,5)
```

Mukasunga CSV, itsegulireni mu Notepad muwerenge mizere itatu yoyamba ndi maso musanatumize. Ndipo zungulitsani, musangodula mchira ndi dzanja. Kudula -14.38179 kukhala -14.3817 kumataya mamita 10, pomwe kuzungulitsa kukhala -14.3818 kumataya mita imodzi yokha.

Chachisanu: za malire a malo

Pali anyamata omwe akuyenda m'midzi ndi foni, kulipiritsa anthu kuti awayezere malire a poloti, n'kusiya pepala la manambala 8 pambuyo pa kadontho. Pepalalo limaoneka la boma ndithu. Koma foni yophonya ndi mamita asanu pa ngodya iliyonse ya poloti ya mamita 20 mulifupi ikhoza kudya kota ya malo a mnansi wanu, kapena anu. Masentimita enieni amapezeka ndi zida za opima malo, zomwe zimakonza cholakwa cha setilaiti poyerekeza ndi siteshoni yomwe malo ake ndi odziwika kale. Pa nkhani ya lizi ndi mabikoni pitani kwa wopima malo wovomerezeka, ndipo mufunse kuti wagwiritsa chida chanji. Nambala ya 8 ndi milimita imodzi, pomwe nthaka ya chigawo chino cha Afirika imasuntha yokha masentimita awiri kapena atatu pachaka.

Zotsala, mwachidule

Lembani kuti manambala anu ndi a WGS 84, dongosolo loyezera malo lomwe mafoni amagwiritsa ntchito. Mapu akale a boma anajambulidwa pa dongosolo lina lotchedwa Arc 1950, ndipo malo omwewo amasiyana ndi mamita oposa 100 pakati pa ziwirizi, choncho ngakhale nambala yachitatu imasintha.

Musaiwale kamzere kochotsera patsogolo pa latichudi, mukakasiya Dedza imagwera ku Sudan. Latichudi iyambe, longichudi itsatire, mukazitembenuza muli m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco. Mbali zonse ziwiri zikhale ndi manambala ofanana kuchuluka. Ndipo ngati mndandanda ndi wa nyumba za anthu odwala kapena olandira thandizo ndipo uonedwa ndi anthu ambiri, tsitsani dala pa manambala awiri, chifukwa anayi amafikitsa mlendo pakhomo penipeni.